Mmene mungafunsire mkulu wanu wa pasukulu za ntchito ya kumigodi ya Moatize

Ndalama za mbatata kapena za fodya zikalowa pakhomo, m'nyumbamo muli mwana amene wangomaliza kalasi 12, nkhani ya madzulo imakhala yakuti mwanayu alowere kuti. Kwa ife a ku Angonia, Tsangano ndi Makanga, maso amathamangira ku Moatize, kumigodi ya malasha. Vuto ndi lakuti ndalamazo zimakwanira chinthu chimodzi chokha. Mukazipereka kusukulu yoyendetsa galimoto, za kosi ya zamagetsi palibenso. Mukalipira lendi ya miyezi itatu ku Tete kuti muziyenda ndi makalata m'mageti a makampani, zonse zathera pomwepo. Munthu amene angakuuzeni poika ndalamazo ndi uja anakhala pamabenchi a sukulu yanu zaka zingapo inu musanafike, lero ali m'kati mwa ntchitoyo. Iyeyo ananyamukira pamene mwaima inupo, ndi setifiketi yonga yanu, ndi Chipwitikizi cha kwathu konkuno.

Koma anthu oterewa anatopa nafe. Foni zawo zimadzaza ndi mauthenga a mtundu umodzi: "Achimwene, mundipezereko kantchito." Munthuyo si wolemba anthu ntchito, ndi makaniko kapena wazamagetsi amene nayenso ali ndi abwana ake. Mukamupempha chinthu chimene alibe, amachita manyazi kukana, ndiye amangokhala chete. Chimene ali nacho, ndipo angachipereke osataya kanthu, ndi kudziwa njira. Malangizo ali m'munsiwa ndi a mmene mungamupemphere chimenecho. Kuti zimveke, tiyerekeze mnyamata wa ku Domwe amene wamaliza kalasi 12 m'gulu la sayansi ku Ulongwe. Bambo ake agulitsa mbatata ndipo amuuza kuti asankhe: laisensi ya galimoto zazikulu kapena kosi ya zamagetsi. Tiyenda naye mpaka kumapeto.

Choyamba: sankhani munthu, osati yunifolomu

Aliyense wovala malaya onyezimira ndi nsapato zachitsulo kumapazi timangoti "amagwira ku malasha." Komatu m'katimo muli ntchito zosiyana kwambiri. Pali oyendetsa zigalimoto zonyamula dothi ndi malasha m'dzenje. Pali okonza makina kugalaja. Pali a kufakitale yotsuka malasha, a kunjanji, oyeza malo, a chitetezo cha pantchito, ophika ndi alonda. Woyendetsa makina sangakuuzeni bwino za mayeso amene wazamagetsi amalemba. Choncho yambani mwadziwa ntchito imene mukufuna kufunsa, kenaka fufuzani amene akuigwira.

Funsaninso kuti analembedwa ndi ndani. Ena analembedwa ndi kampani yeniyeni ya mgodi, ena ndi makampani a makontiraki amene amagwira ntchito m'kati mwa mgodi womwewo. Onse amakwera basi m'mamawa n'kulowa pageti limodzi, koma malipiro, kutalika kwa kontiraki ndi njira yolowera n'zosiyana. Kwa munthu wongoyamba, wa kumakontiraki nthawi zambiri ndiye wothandiza, chifukwa ambiri amayambira kumeneko.

Ine ndimalimbikitsa kufunsa munthu amene anakutsogolerani ndi zaka zitatu mpaka zisanu ndi ziwiri. Chifukwa chake chili m'mbiri ya migodiyi. Kampani ya Vale inayamba kukumba malasha ku Moatize mu 2011, ndipo amene analowa nthawi imeneyo analowa mgodi ukutsegulidwa kumene, manja akufunika paliponse. Mu 2022 mgodiwo unagulidwa ndi Vulcan. Mgodi wa Benga nawo unachoka m'manja mwa Rio Tinto n'kupita kwa ICVL mu 2014. Mkulu amene analowa mu 2011 angakufotokozereni moona mtima njira imene lero kulibenso. Mulemekezeni, mumve zake za mmene ntchito imakhalira pakapita zaka, koma za khomo lolowera funsani amene analowa posachedwa.

Pomupeza, yambirani kwa aphunzitsi amene akhalitsa pasukulu panu, makamaka a masamu ndi a fizikisi. Iwo amadziwa kumene ana awo anapita, ndipo mwana wa sukulu sakana msanga mawu a mphunzitsi wake wakale. Kutchalitchi nakonso amadziwana. Pali ndiponso magulu a WhatsApp a amene anamaliza chaka chimodzi. Koma musatenge nambala ya munthu pagulu n'kumuimbira mwadzidzidzi. Pemphani amene wakupatsani nambalayo kuti ayambe wamuuza: "Kuli mwana wathu akufuna kukufunsani za ntchito yanu, ndimupatse nambala?" Akavomera, mwalowera pakhomo, simunadumphe mpanda.

Mnyamata wathu wa ku Domwe apita kwa aphunzitsi ake a fizikisi. Iwo amutchulira anthu awiri: wina ndi injiniya amene anaphunzira ku ISPT, sukulu ya ukachenjede ya ku Tete, wina ndi wazamagetsi pakampani ya makontiraki. Iye asankha wazamagetsiyo, poti ndalama za kunyumba sizingafike pa zaka za kuyunivesite, ndipo funso lake lili pakati pa laisensi ndi kosi.

Chachiwiri: musamufunse zimene mukanadzipezera nokha

Musanalembe uthenga, khalani pansi ndi kope. Lembani zinthu zitatu za inu mwini: kalasi imene munamaliza ndi gulu lake, zimene manja anu amadziwa kale, ndi ndalama kapena nthawi imene muli nayo. Ngati munakonzapo njinga zamoto pamsika, kapena munathandizapo munthu woika mawaya ndi masola m'nyumba, lembani. Ambiri amabisa zimenezi poganiza kuti si ntchito yeniyeni, chikhalirecho ndi zomwe makaniko amafuna kumva.

Dziwaninso nokha masukulu amene alipo. Ku Moatize kuli sukulu ya za miyala ndi migodi, Instituto Médio de Geologia e Minas. ISPT imafuna kalasi 12 ndi mayeso olowera. IFPELAC imaphunzitsa makosi aafupi a ntchito zamanja, ndipo INEP ndi ofesi ya boma yolembetsako anthu ofuna ntchito. Mukadziwa zimenezi, funso lanu limachoka pa "kodi ndingaphunzire kuti?" n'kufika pa "mwa malo awa, anzanu a kugalaja ambiri anadzera kuti?" Funso lachiwirili ndi limene munthu wa m'kati yekha angayankhe.

Chachitatu: uthenga woyamba

Uthenga woyamba ukhale wolemba, osati wa mawu ojambula, ndiponso osati kuimba. Anthu a kumigodi amagwira mashifiti aatali, ena usana, ena usiku, ndipo m'malo ambiri a ntchito foni saloledwa kuigwira. Mukaimba 10 koloko m'mawa, mwina mukudzutsa munthu amene wangogona kumene atachezera usiku wonse. Uthenga wolemba amauwerenga pa nthawi yake. Kubipa kuti iye akuimbireni ndiye musayerekeze n'komwe. Wofuna thandizo ndinu, mayunitsi akhale anu.

Musatumize "Moni" yekha n'kumadikira. Zonse zikhale mu uthenga umodzi: ndinu ndani, mwadzera mwa yani, mukufuna chiyani, ndipo zitenga nthawi yaitali bwanji. Mnyamata uja angalembe chonchi:

"Mwaswera bwanji achimwene? Pepani ndakulowererani. Ndine mng'ono wanu wa pasukulu, ndamaliza kalasi 12 ya sayansi chaka chathachi, kwathu ndi ku Domwe. Nambala yanu andipatsa ndi aphunzitsi athu a fizikisi, amene anakuuzani za ine Lamlungu. Sindikupempha ntchito ayi. Makolo andipezera ndalama zokwanira chinthu chimodzi, laisensi ya galimoto zazikulu kapena kosi ya zamagetsi, ndiye ndimafuna ndimve kwa inu amene muli m'katimo ndisanasankhe. Ndili ndi mafunso asanu okha. Mungandiuze tsiku limene muli pa mpumulo kuti ndikuimbireni kwa mphindi 15? Zikomo kwambiri."

Mawu akuti "sindikupempha ntchito ayi" musawachotse. Ndi amene amamasula munthu kuti ayankhe. Ngati ndi wamkazi muziti achemwali, ndipo ngati anakusiyani patali ndi zaka, muziti bambo kapena mayi, kapena mumutchule ndi mfunda wake ngati mukuudziwa. Dzina lake la pasukulu, lija anzake ankamuseka nalo, si lanu. Lembani m'Chichewa, poti ndi chimene chikukulumikizani, pokhapokha iye atayankha m'Chipwitikizi.

CV musaitumize pa uthenga woyamba. Ikangofika, zonse munalemba zija zasanduka pempho la ntchito.

Akapanda kuyankha, dikirani sabata yathunthu, chifukwa mwina ali pakati pa masiku a shifiti. Kenaka tumizani kauthenga kamodzi kokumbutsa, kaulemu. Akakhalabe chete, musiyeni, ndipo musakadandaule kwa aphunzitsi aja. Bwererani kwa iwo mukapemphe dzina lina.

Chachinayi: kucheza kwenikweniko

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndiye tikhalitsepo. Gulani mayunitsi okwanira, pezani malo amene netiweki siidukaduka, kope ndi cholembera zikhale m'manja. Ngati wabwera kumudzi pa tchuthi cha Disembala ndipo wavomera kuonana, pitani kunyumba kwa makolo ake masana, mupereke moni kwa akuluakulu kaye. Musamugwirire pamaliro, paukwati kapena pamowa. Pamowa munthu amalonjeza zambiri, ndipo kukacha sakumbuka.

Funso loyamba likhale la iye mwini: "Achimwene, kuchokera tsiku limene munamaliza sukulu mpaka tsiku limene munalandira malipiro oyamba kumgodi, munadutsa muti?" Mulekeni afotokoze, inu muzilemba masitepe ake ndi nthawi imene iliyonse inatenga. Anthu akamafotokoza mbiri yawo amalumpha zaka zovuta. Akati "ndinachita kosi kenaka ndinalowa," mufunseni mofatsa kuti pakati pa kosi ndi kulowa panadutsa miyezi ingati, ankadya chiyani, ankagona kwa yani. Yankho limeneli ndi limene lidzakuuzeni ndalama zenizeni zofunika, chifukwa fizi ya kosi ndi gawo chabe. Lendi ku Moatize kapena ku Tete, shapa ya tsiku ndi tsiku ndi chakudya cha miyezi yodikira nthawi zina zimaposa fiziyo.

Funso lachiwiri ndi la khomo la lero: "Mwa anthu amene alowa m'gulu lanu chaka chino ndi chatha, anali ndi mapepala anji, ndipo anamva bwanji kuti kuli malo?" Onani kuti simukufunsa zimene kampani imalemba pachidziwitso. Mukufunsa za anthu enieni amene iye wawaona akulowa. Mwina onse anayamba ndi esitajiyo, kuphunzira ntchito pakampani asanalembedwe. Mwina onse anachokera kumagalaja a m'tauni atagwirako zaka ziwiri. Apa mnyamata wa ku Domwe afunse mosazungulira za laisensi ija. Chimene ayenera kumvetsa n'chakuti laisensi ya pamsewu payokha siikweza munthu pachigalimoto cha m'mgodi. Makina amenewo kampani imaphunzitsa ndi kuyesa yokha anthu ake, ndipo kawirikawiri imafuna amene anayendetsapo kale galimoto zazikulu kwa nthawi. Ndiye funso lotsatira ndi lakuti: munthu wa laisensi yatsopano, wosayendetsapo, amakayambira kuti kuti apeze zaka zimenezo?

Funso lachitatu ndi la mapepala ndi mayeso. Mufunseni kuti pa tsiku lolembedwa anamufunsa zikalata ziti. Yembekezani kumva za BI, NUIT, setifiketi ya sukulu ndi fotokope yake yodindidwa, kalata yosonyeza kuti mulibe mlandu, ndi pepala la kalembera wa usilikali. Kalata ya mlandu ija imatha mphamvu pakapita miyezi yochepa, choncho musathamangire kuitenga malo asanapezeke. Koma BI ndi NUIT konzeranitu lero. Kwa ife a m'malire pali misampha iwiri. Wina anaphunzirako ku Dedza kapena ku Ntcheu ndipo ali ndi setifiketi ya ku Malawi: imeneyo imafunika kuti a zamaphunziro a kuno aivomereze kaye kuti ikufanana ndi kalasi iti, ndipo zimatenga nthawi. Winanso dzina lake linalembedwa mosiyana pa BI ndi pa setifiketi, pena chilembo chimodzi chokha, pena tsiku lobadwa. Tulutsani mapepala anu onse, muwaike pamphasa moyandikana, muwerenge chilembo ndi chilembo. Kusiyana kumeneku kukonzeni musanafike pamaso pa wolemba ntchito.

Pa mayeso, funsani ngati analemba, ngati anamupatsa chinthu choti akonze pamaso pawo, ndi chinenero chimene anamufunsira. Ku Moatize m'misewu mudzamva Chinyungwe, koma kuyesedwa ndi malamulo a chitetezo zimakhala m'Chipwitikizi, ndipo mabuku ena a makina ali m'Chingerezi. Ambiri a kwathu Chipwitikizi cholemba amachitha, chimawavuta ndi kuyankha msanga pamaso pa anthu atatu. Mupempheni mkulu wanuyo kuti akufunseni funso limodzi monga mmene anamufunsira iye, inu muyankhe pomwepo. Mudzadziwa pamene mwaima. Funsaninso za kuchipatala: asanalembe munthu amamuyeza maso, makutu, chifuwa ndi kuthamanga kwa magazi. Ngati mumavutika kusiyanitsa mitundu, nenani, chifukwa pa ntchito ya mawaya ndi yoyendetsa makina zimenezi zimawerengedwa. Kuli bwino kudziwa musanalipire kosi.

Funso lachinayi ndi limene achinyamata ambiri amaliiwala chifukwa maso ali pa malipiro: "Tsiku lanu la ntchito limayenda bwanji, ndipo chimene chimathamangitsa anthu n'chiyani?" Mumve za ola lodzukira kuti apeze basi, za kuuzira kachipangizo koyeza mowa pageti, za fumbi, za shifiti ya usiku. Mumve za kutentha. Ife tinakulira kumapiri kumene mu Juni timaotha moto m'mawa, pamene ku Tete mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, munthu ali mu ovolosi, chipewa cholimba ndi nsapato zolemera. Si onse amapirira. Funsaninso zolakwa zimene zimachotsetsa munthu ntchito tsiku lomwelo. Wazamagetsi adzakuuzani za kukhoma loko ndi kupachika chikwangwani pa switchi yaikulu musanagwire makina, kuti wina asayatse inu muli m'kati. Mawu ngati amenewa, mukadzawatchula poyesedwa, amaonetsa kuti munafufuza.

Atsikana, ngati n'kotheka pezani wamkazi amene ali m'ntchitoyo, ngakhale akhale wa sukulu ina. Mufunseni za malo ogona, za mmene amuna a m'gulu amakhalira naye, ndi kumene munthu amakadandaula wina akamuvutitsa. Ngati amene mukumufunsa ndi wamwamuna, kambiranani pafoni kapena pamalo oonekera, ndipo wachibale adziwe.

Funso lachisanu ndi la mawa: "Malasha akatsika mtengo, ntchito yanuyi mungakaigwirenso kuti?" Limeneli si funso lamwano. Migodi imayendera mtengo wa kunja, umene sitiulamulira. Rio Tinto inagula migodi yake ya kuno mu 2011 pa ndalama zoposa madola 3 biliyoni, n'kuigulitsa mu 2014 pa madola 50 miliyoni okha. Zinthu zikatero, makontiraki ndiwo amayamba kudulidwa. Ndiye luso limene mukulipirira liyenera kukhala loti mungalinyamule. Wazamagetsi angakafunefune ntchito ku Songo kumene kuli damu la Cahora Bassa, kufakitale ya fodya ku Tete, kapena kubwerera ku Ulongwe n'kumaika mawaya, masola ndi kukonza zigayo. Woyendetsa galimoto zazikulu ali ndi msewu wa ku Zobwe, wa ku Kasakatiza ndi wa ku Beira. Koma amene amadziwa makina amodzi okha a m'dzenje, mgodi ukaima amasowa kolowera. Funsaninso ngati kontiraki yake ili ndi tsiku lothera kapena ayi, ndiponso ngati amamudulira za INSS, thumba la boma la penshoni ya ogwira ntchito.

Za malipiro musamufunse kuti iye amalandira zingati. Kwathu kuno funso limenelo limamveka ngati mukuwerengera chuma chake kuti mudzapemphe. Funsani kuti wongoyamba kumene pa ntchito ngati yake amayambira pati, ndipo akachotsa lendi ndi chakudya zimatsala zotani. Limenelo amayankha momasuka.

Mphindi 15 zikakwana, nenani nokha kuti nthawi imene munapempha yatha. Akafuna kupitiriza, ndi iye. Musanatsanzike, pemphani chinthu chimodzi: "Kodi pali mnzanu wina, makamaka woyendetsa makina, amene mungandilole kumufunsa ngati mmene ndakufunsirani inumu?"

Chachisanu: pepetani zimene mwamva

Munthu mmodzi amaona mbali imodzi. Wazamagetsi adzayamikira zamagetsi, woyendetsa adzayamikira chiwongolero. N'chifukwa chake dzina lachiwiri lija lili lofunika. Usiku womwewo, gawani zimene munalemba pawiri: zimene iye anaziona ndi maso, ndi zimene akungoganiza kapena anangomva. "Anyamata atatu amene alowa m'gulu lathu onse anali ndi setifiketi ya kosi" ndi umboni. "Chaka chamawa alemba anthu ambiri" ndi mphekesera, ngakhale ichokere kwa munthu wabwino. Pa mphekesera musagulitse mbuzi, ndipo musasiye ganyu kapena munda umene muli nawo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Pali zizindikiro zosonyeza kuti kucheza kwalowera kolakwika. Wina akakuuzani kuti malo alipo koma mutumize kaye ndalama pa M-Pesa kapena pa e-Mola, "za abwana," "za yunifolomu" kapena "zoyezetsera kuchipatala," imani pomwepo. Malo a ntchito sagulitsidwa, ndipo zovala zodzitetezera amapereka ndi olemba ntchito. Kuphunzira sukulu imodzi sikusintha zimenezi. Nthawi zina amene akulembayo si mkulu wanu n'komwe, koma wakuba amene watenga chithunzi chake n'kuchiika pa nambala ina. Mukakayika, imbirani aphunzitsi aja mutsimikize nambala, kapena muimbireni mwiniyo mumve mawu ake. Chizindikiro china ndi kukufulumizitsani: "lero lomwe, mawa malo atha." China ndi kukupemphani setifiketi yanu yeniyeni m'malo mwa fotokope. Yeniyeniyo muzionetsa ndi dzanja lanu n'kubwerera nayo. Ndipo mtsikana akauzidwa kuti nkhaniyo akaimalizire kumalo ogona alendo, palibenso za ntchito pamenepo.

Tibwerere kwa mnyamata wa ku Domwe, tione mmene angapepetere. Tinene kuti wazamagetsi uja wamuuza kuti iye anachita kosi, anakhala miyezi yambiri akuthandiza mmisiri wina m'tauni osalandira zokwanira, kenaka anapeza esitajiyo, ndipo kumakontiraki analowa m'chaka chachitatu. Woyendetsa makina naye wamuuza kuti asanaitanidwe kumgodi anayamba wayendetsa lole ya mchenga zaka ziwiri. Mnyamatayo aona kuti njira zonse ziwiri zili ndi zaka zodikira pakati, ndipo palibe imene ikumufikitsa kumgodi chaka chino. Funso lake lasintha. Silinso lakuti "iti imalipira bwino," koma "pa zaka zodikirazo, iti ingandidyetse ndili pafupi ndi kwathu?" Iye alibe wachibale wa lole amene angamupatse chiwongolero, koma anathandizapo kuika masola, ndipo masamu ndi fizikisi anakhoza. Asankha kosi ya zamagetsi. Mnzake amene amalume ake ali ndi lole yonyamula mbatata kupita ku Tete, atamva mayankho omwewo, angachite bwino kusankha laisensi.

Asanalipire, achite chinthu china chimodzi: atumize kwa wazamagetsi uja dzina la sukulu imene akufuna kukalembetsa, amufunse ngati setifiketi yake imalandiridwa kumene iye akugwira. M'tauni mumatseguka timasukulu tambiri tolonjeza luso la makina m'masabata awiri, mwina popanda ngakhale makina oti ophunzira agwire. Akafike yekha pamalopo, aone zipangizo ndi maso, afunse ngati sukuluyo ndi yovomerezeka ndi boma ndiponso ngati imathandiza ophunzira kupeza esitajiyo.

Chachisanu ndi chimodzi: musazimiririke

Tsiku lomwelo tumizani uthenga wothokoza, ndipo mutchulemo chinthu chimodzi chimene mwatolapo, kuti adziwe kuti simunangomva ndi khutu limodzi: "Zikomo achimwene chifukwa cha nthawi yanu. Za dzina losiyana pa BI zija ndaona kuti zikundikhudza, Lolemba ndipita kukakonzetsa." Uzaninso aphunzitsi amene anakulumikizani kuti mwalankhulana. Mphatso si yokakamiza. Akabwera kumudzi, kathumba ka mbatata kapena nyemba kopita kwa mayi ake n'kokwanira, ndipo kaperekedwe monga kuthokoza, osati musanafunse.

Pambuyo pake muzimulembera pokhapokha pali chatsopano: mwalembetsa kosi, mwamaliza gawo loyamba, mwapeza mmisiri womuthandiza. Kamodzi pa miyezi iwiri kapena itatu n'kokwanira. Zithunzi za "mwadzuka bwanji" za tsiku ndi tsiku zimangotopetsa, ndipo kumupempha ndalama ya shapa kumatseka zonse zimene munamanga.

CV imabwera pamene mwamaliza kosi ndipo muli ndi choti mulembemo. Ngakhale apo, pempho likhale loti aiwerenge akuuzeni zolakwika, osati aipititse kwa abwana ake. Ikhale ya tsamba limodzi kapena awiri, m'Chipwitikizi, yotumizidwa ngati PDF, osati chithunzi cha pepala chojambulidwa pabondo. Nambala ya foni imene mwalembapo ikhale yanu ndipo izipezeka nthawi zonse, chifukwa oitana akaimba kawiri osakupezani amapita pa dzina lotsatira. Dzina la mkulu wanuyo musalilembe ngati mboni yanu, ndipo musalitchule pageti kapena poyesedwa, iye asanakuloleni. Mukalitchula popanda chilolezo n'kukalakwitsa kanthu, amene akafunsidwe ndi abwana ndi iyeyo. Akadzakutumizirani yekha chidziwitso cha malo, werengani zofunika zonse, tumizani kudzera njira imene yalembedwa pachidziwitsopo tsiku lotsekera lisanafike, kenaka mumudziwitse kuti mwatumiza.